Ndime imodzi ya m'buku, mafunso asanu okwera pang'onopang'ono

Mphunzitsi wa mbiri akatsegula buku kuti akonze mayeso, mafunso amene amabwera msanga ndi a ndani, liti, kuti, chiyani ndi angati. Ndime imodzi ikhoza kutulutsa mafunso otere khumi popanda kutuluka thukuta. Vuto lake ndi loti onsewo amayesa chinthu chimodzi, ndicho kuloweza. Mwana amene wamvetsa nkhani ndi mnzake amene wangoimeza usiku wathawu amapeza malikisi ofanana, ndipo mphunzitsi amatsala osadziwa kuti mwa awiriwa ndani akufunika thandizo.

Mayeso abwino amakwera. Funso loyamba liyenera kuyankhidwa ndi pafupifupi aliyense amene anali m'kalasi, ndipo lomaliza liyenera kulekanitsa woganiza ndi wongobwereza. Chimene chimakweza funso si mawu ovuta kapena chaka chobisika m'munsi mwa tsamba. Funso limakwera pamene yankho lake likutalikirana ndi chiganizo cha m'buku, kotero kuti wophunzira ayenera kuyenda yekha mtunda wotsalawo. Tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira pa nkhani ya fyudalizimu, dongosolo la malo ndi usilikali la ku Ulaya wakale.

Ndime imene tigwiritse ntchito ndailemba ndekha motsatira mmene mabuku a sukulu amafotokozera nkhaniyi:

"Ufumu wa Charlemagne utagawikana m'zaka za m'ma 800, mafumu a ku Ulaya analibe asilikali okhazikika kapena ndalama zokwanira zotetezera anthu awo kwa adani monga Avaikingi. Choncho mfumu inkapereka malo kwa akuluakulu, ndipo iwo ankalumbira kuti adzakhala okhulupirika ndi kuibweretsera asilikali a pakavalo, kawirikawiri kwa masiku 40 pachaka. Malo oterewa ankatchedwa fifu, ndipo wowalandira ankatchedwa vasalo. Akuluakuluwo ankagawanso malo awo kwa asilikali a pakavalo pa pangano lomwelo. Pansi pa onse panali alimi otchedwa masefu, amene ankalima munda wa mbuye wawo masiku awiri kapena atatu pamlungu, ndipo sankaloledwa kusamuka popanda chilolezo chake. Dongosolo limeneli limatchedwa fyudalizimu."

Musanalembe funso lililonse, iwerengeni ndimeyi ndi pensulo m'manja. Muli mayina atatu ofunika kuwadziwa: fifu, vasalo ndi masefu. Muli chifukwa, chimene chili m'chiganizo choyamba. Muli lamulo lokhala ndi nambala, masiku 40 aja. Muli unyolo wa anthu, kuchokera kwa mfumu mpaka kwa mlimi. Ndipo muli zinthu zimene ndimeyi sinanene, monga zimene zinkachitika vasalo akaposa mbuye wake mphamvu. Zinthu zisanuzi ndizo mizu ya mafunso athu asanu. Ndime imene ilibe chifukwa kapena lamulo, yongondandalika mayina ndi zaka, singathe kusenza mafunso asanu okwera, ndipo kuli bwino kusankha ina kusiyana ndi kuikakamiza.

Aphunzitsi ambiri anaphunzira ku koleji za makwerero a kaganizidwe amene Benjamin Bloom ndi anzake anafalitsa mu 1956, amene anakonzedwanso mu 2001: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Mafunso athu atsatira masitepe asanu oyambawo. Tiwapatsa malikisi 2, 3, 4, 6 ndi 10, onse pamodzi 25, oti alembedwe m'mphindi 40 buku lili chotseka.

Funso loyamba ndi lachiwiri

Loyamba likhale lolunjika: "Tchulani zinthu ziwiri zimene vasalo ankalonjeza mbuye wake." Yankho lake ndi kukhulupirika komanso kutumikira pa nkhondo, chilichonse malikisi amodzi. Ambiri akanayamba ndi kufunsa tanthauzo la fyudalizimu, koma funso limenelo limangooneka lophweka. Akatswiri a mbiri sagwirizana pa tanthauzo lake, ndipo mwana amangolavula chiganizo chimene analoweza, mphunzitsi n'kumavutika kuti apereke malikisi angati pa chiganizo cholondola theka.

Ngakhale funso laling'onoli lili ndi ntchito yake. Ana ena adzalemba kuti vasalo ankalonjeza kulima munda wa mbuye. Amenewo asokoneza vasalo ndi msefu, ndipo chisokonezo chimenechi ndicho chofala kwambiri pa mutu wonsewu. Vasalo anali mfulu, munthu wankhondo, wolowa pangano ndi lumbiro. Msefu ankabadwira mu ukapolo wa nthaka, ndipo ana ake ankaulowanso. Mukaona theka la kalasi lalemba za kulima, mwadziwa pomwepo poyambira phunziro la mawa.

Lachiwiri likufuna kumvetsa: "Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chimene mafumu ankalipira asilikali awo ndi malo osati ndalama." Malikisi atatu agawidwe pa mfundo zitatu zolumikizana. Yoyamba, kunali adani, ndipo mfumu inkafunika asilikali. Yachiwiri, ndalama zinali zochepa m'manja mwa mfumu. Yachitatu, malo anali chuma chimene mfumu inali nacho chambiri, ndipo malo okhala ndi alimi ake ankabereka chaka ndi chaka zokwanira kudyetsa kavalo wankhondo ndi kugula zida zachitsulo. Kupatsa msilikali malo kunali ngati kumupatsa ng'ombe yamkaka m'malo momutumizira mkaka tsiku ndi tsiku.

Taonani kuti mfundo ziwiri zoyambazo zili m'ndime, koma yachitatu mulibe. Wophunzira ayenera kulumikiza yekha chiganizo choyamba ndi chachisanu, kuti aone kuti thukuta la msefu ndilo linkakweza msilikali pa kavalo. Wongokopera chiganizo cha m'buku apeza malikisi awiri n'kuima pomwepo. Malikisi achitatuwo ndiwo sitepe yoyamba yeniyeni ya mayesowa.

Funso lachitatu: nkhani imene mwana sanaionepo

Apa ndi pamene mayeso ambiri amaterereka. Mphunzitsi amasintha mneni, n'kulemba kuti "sonyezani" kapena "gwiritsani ntchito", koma yankho likadali chiganizo cha m'buku chomwe chija. Kuti mwana agwiritse ntchito lamulo, ayenera kupatsidwa nkhani yatsopano yoti alikhazikepo. Ndime yathu ili ndi lamulo la masiku 40, choncho tipange nkhani yoti lamulolo lipanikizike:

"Mkulu wina analandira malo kwa mfumu pa pangano loti azibweretsa asilikali a pakavalo 10, osawerengera iye mwini. Iye wagawa malo kwa asilikali 6 okha. Tsopano mfumu yaitana anthu ake kukazinga linga la adani, ndipo zikuoneka kuti lingalo siligonja masiku 70 asanathe. (a) Kodi mkuluyu ali ndi vuto lanji, ndipo angalithetse bwanji? (b) Kodi mfumu ikumana ndi vuto lanji, ndipo ingachite chiyani?"

Gawo lililonse lili ndi malikisi awiri, amodzi a kuona vuto, ena a njira yolithetsera. Mkuluyu akupereweza asilikali 4, ndipo akhoza kutenga amene amawasunga ndi kuwadyetsa pakhomo pake, kapena kulemba aganyu. Mfumu idzaona asilikali ake akumanga katundu pa tsiku la 41, linga lisanagwe, ndipo kuti akhale masiku 30 otsalawo iyenera kuwalipira kapena kulemba ena.

Mawu oti "osawerengera iye mwini" asakuonekereni ngati achabe. Popanda iwo, mwana wanzeru adzati akuperewera atatu, poti mkuluyo nayenso ndi msilikali wa pakavalo, ndipo adzakhala ndi mfundo. Funso la nkhani yopeka limafunika kuliwerenga ndi maso a mwana wochenjera kwambiri m'kalasimo, kufunafuna khomo lina lililonse limene angalowere.

Nkhaniyi ndi yopeka, koma mavuto ake ndi enieni. William wa ku Normandy atagonjetsa Mangalande pa nkhondo ya Hastings mu 1066, akuluakulu ake, ngakhalenso mabishopu ndi nyumba za amonke, anapatsidwa chiwerengero cha asilikali oti azibweretsa. Nyumba ya amonke ya Peterborough inkayenera kupereka asilikali a pakavalo 60. Patapita zaka, mafumu anayamba kukonda kulandira ndalama m'malo mwa msilikali, ndalama imene inkatchedwa ya chishango, n'kulemba nazo asilikali aganyu amene sankawerenga masiku. Henry II anatolera ndalama yotereyi pa nkhondo yake ya ku Toulouse mu 1159. Mwana amene wayankha gawo lachiwiri molondola wafika yekha, ndi nzeru zake, pa chimodzi mwa zifukwa zimene zinafooketsa dongosolo lonseli, ngakhale ndime ya m'buku sinachitchule. Funsoli ndimalikonda kuposa onse pa chifukwa chimenechi.

Funso lachinayi: pamene vasalo waposa mbuye

Kuyambira pano ndime yokha sikwanira. Kusanthula kumafuna zinthu ziwiri zoti zigundane, ndipo ndime ya m'buku inalembedwa mosalala, yopanda chogundana. Mphunzitsi ayenera kubweretsa chinthu chachiwiricho n'kuchiika m'funso momwemo. Akapanda kutero, adzakhala akuyesa amene ali ndi mabuku ena kunyumba, osati amene akutha kuganiza. Funso lathu likhale lotere:

"Henry II anakhala mfumu ya Mangalande mu 1154. Analinso mwini wa Normandy, Anjou ndi Aquitaine, madera a ku Falansa, ndipo pa madera amenewa anali vasalo wa mfumu ya Falansa, Louis VII. Malo a Henry ku Falansa anali aakulu kuposa amene Louis ankalamulira yekha. Mu 1202 mfumu Philip II ya Falansa inagamula kuti John, mwana wa Henry, walandidwa malo ake chifukwa chokana kubwera kubwalo la mbuye wake, ndipo pofika 1204 Normandy inali m'manja mwa Philip. Pogwiritsa ntchito nkhaniyi ndi zimene mukudziwa, fotokozani mmene kupereka malo kwa mavasalo kunkafooketsera mfumu komanso mmene kunkailimbitsira."

Malikisi asanu ndi amodzi agawidwe patatu. Awiri ndi a kufooka: malo akaperekedwa ankakhala cholowa cha banja, vasalo ankawonjezera ena mwa ukwati, monga Henry anapezera Aquitaine pokwatira Eleanor mu 1152, ndipo asilikali a m'malowo ankamvera amene anawapatsa munda, osati mfumu yakutali. Awiri ndi a kulimba: lumbiro linkapatsa mbuye ufulu woitanira vasalo kubwalo ndi kumulanda malo akaphwanya pangano. Awiri otsalawo ndi a kulumikiza, ndipo ndi amene amalekanitsa ana. Amapita kwa amene waona kuti lamulo linali lomwelo m'nthawi ya Louis ndi ya Philip, koma chinasintha ndi mphamvu ya mfumu yolikwaniritsa. Chigamulo cha 1202 chikanakhala mawu chabe Philip akanakhala wopanda asilikali ndi ndalama zokalandira Normandy.

Pali chochitika china chimene mphunzitsi angasunge kuti adzakambirane pobweza mapepala. Pa nkhondo ya ku Toulouse ija, Louis analowa mumzindamo kukauteteza, ndipo Henry, ngakhale anali ndi gulu lalikulu lankhondo, sanauthire nkhondo. Olemba mbiri a nthawiyo anati sanafune kuukira mbuye wake. Munthu amene ankadalira malumbiro a akuluakulu ake sakanafuna kuwaonetsa mmene lumbiro limaphwanyidwira. Mwana akamva zimenezi amasiya kuona fyudalizimu ngati chithunzi cha pabolodi.

Mphunzitsi wa ku Malawi angakopeke kuti funso lachinayi likhale loyerekeza masefu ndi anthu a thangata, amene m'nthawi ya atsamunda ankagwira ntchito m'minda ya azungu ku mapiri a Shire monga lendi ya malo amene ankakhalapo, nkhanza zimene zinali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Kuyerekezaku n'kwabwino ngati ana anaphunzira kale za thangata, ndipo ngati malikisi ambiri aperekedwa pa kusiyana, osati pa kufanana kokha. Thangata amafanana ndi chiganizo chimodzi cha ndime yathu, cha mlimi wolipira malo ndi thukuta. Mwini esiteti sanalumbire kubweretsera mfumu asilikali a pakavalo. Ankalima mbewu zogulitsa kunja, pansi pa boma lokhala ndi msonkho, makhoti ndi asilikali akeake. Funso lopempha kufanana kokha lidzaphunzitsa ana kuti paliponse pamene wosauka walimira wolemera pali fyudalizimu, ndipo akatero ataya nkhani zonse ziwiri.

Funso lachisanu: kuimba mlandu ndime yomwe

Sitepe yomaliza ndi kuweruza, ndipo chinthu choyenera kuweruzidwa chili kale patsogolo pa mwana: ndime ya m'buku ija. Iyo yajambula dziko ngati makwerero oongoka, mfumu pamwamba, msefu pansi, aliyense ndi mbuye mmodzi. Akatswiri akhala akukayikira chithunzichi kwa nthawi yaitali. Elizabeth Brown mu 1974, kenako Susan Reynolds mu 1994, anatsutsa kuti dongosolo loongoka chonchi linamangidwa kwambiri ndi akatswiri a malamulo ndi a mbiri a zaka za pambuyo pake, ndipo kuti moyo weniweni unkasiyana dera ndi dera. Mwana wa sekondale safunika kudziwa mayina amenewa. Akhoza kuchita ntchito yofanana ndi yawo pa mlingo wake ngati tamupatsa umboni:

"Werengani mfundo zitatu izi. Mu 1086, ku Salisbury, William analumbiritsa eni malo akuluakulu a ku Mangalande kuti adzakhala okhulupirika kwa iye, posatengera kuti mbuye wawo ndani. Kalembera wa chaka chomwecho, wotchedwa Domesday Book, akusonyeza alimi ambiri aufulu m'zigawo za kummawa monga Lincolnshire ndi Norfolk, komanso akapolo enieni, pafupifupi mmodzi mwa anthu khumi olembedwa. M'madera ambiri a ku Falansa msilikali mmodzi ankatha kulandira malo kwa ambuye awiri kapena oposerapo. Kodi chithunzi cha makwerero chimene ndimeyi ikupereka n'cholondola mpaka pati? Perekani chigamulo chanu ndi zifukwa zake."

Ndime ija isindikizidwenso pamwamba pa funsoli, papepala loperekedwa ana atapereka mayankho a mafunso awiri oyamba, apo ayi mudzakhala mwawaulula nokha.

Funso lotere silichongedwa powerenga mfundo, chifukwa mwana akhoza kundandalika mfundo khumi osaweruza kanthu. Limachongedwa ndi magulu. Malikisi 1 mpaka 3 ndi a wongobwereza ndime kapena kukopera mfundo zitatu zija. Malikisi 4 mpaka 6 ndi a amene watenga mbali imodzi n'kuichirikiza ndi umboni. Malikisi 7 ndi 8 ndi a amene waonetsa pamene chithunzicho chikugwira ndi pamene chikulephera. Malikisi 9 ndi 10 ndi a amene wachita zonsezi n'kufika pa chigamulo chotuluka mu umboniwo.

Tiyerekeze mayankho awiri. Wina walemba kuti ndimeyi ndi yabodza chifukwa kunali alimi aufulu ndi akapolo, ndiponso msilikali ankatha kukhala ndi ambuye awiri. Wagwiritsa ntchito umboni, koma mbali imodzi, choncho apeza 5. Mnzake walemba kuti makwerero amathandiza kumvetsa mmene malo ankatsikira kuchokera kwa mfumu, makamaka ku Mangalande kumene William anagawa dziko logonjetsedwa. Koma kukhulupirika sikunkakwera motsatira makwerero omwewo, poti lumbiro la ku Salisbury linalumpha masitepe ndipo wa ambuye awiri anaima pa makwerero awiri. Choncho chithunzicho chikunena zoona pa za malo kuposa pa za mphamvu. Ameneyu apeza 9 kapena 10. Dziwani kuti mwana wogamula kuti chithunzicho n'cholondola ndithu akhozanso kufika pamwamba, malinga wayankha umboni womutsutsa. Ngati mlozo wochongera ukulola chigamulo chimodzi chokha, ndiye kuti funsolo silikuyesa kuweruza, likuyesa kulota maganizo a mphunzitsi.

Mlozo umenewu ulembedwe ana asanalembe mayeso, limodzi ndi yankho lachitsanzo la funso lililonse. Mphunzitsi akalemba yekha yankho la funso lachisanu n'kupeza kuti lamutengera mphindi 20, adziwe kuti mwana sangalimalize m'mphindi 16 zimene malikisi 10 akumupatsa. Akalemba yankho la funso lachinayi n'kupeza kuti likufanana ndi la lachiwiri, adziwe kuti wafunsa funso limodzi kawiri.

Zimene zimagwetsa makwerero

Choopsa chachikulu n'choti kuvuta kwa funso sikukhala papepala pokha, kumadaliranso zimene zinachitika m'kalasi. Mphunzitsi akakhala kuti analembetsa notsi za mutu woti "zofooka zitatu za chithunzi cha makwerero", funso lathu lachisanu latsika mpaka kufanana ndi loyamba, ngakhale likadali ndi mawu oti "perekani chigamulo chanu". Ana ayenera kuzolowera mtundu wa funso, koma nkhani ya pa tsiku la mayeso ikhale yoti sanaitafunepo. Ngati nkhani ya Henry ndi Louis inakambidwa kale m'kalasi, funso lachinayi lifunika nkhani ina, monga ya Rollo, mtsogoleri wa Avaikingi amene mfumu ya Afulanki inamupatsa malo a ku Normandy mu 911 kuti atseke mtsinje wa Seine kwa Avaikingi anzake.

Choopsa chachiwiri ndi chilankhulo. Ku sekondale kwathu mayeso a mbiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo n'kosavuta kusokoneza Chingerezi chovuta ndi funso lozama. Mwana amene walephera funso lachitatu chifukwa sakudziwa mawu a Chingerezi otanthauza kuzinga linga sanalephere mbiri. Funso likamakwera, mawu ake azipepuka: ziganizo zifupizifupi, mawu achilendo atanthauziridwe pomwepo, kuti mphamvu zonse za mwana zipite pa kuganiza.

Chachitatu ndi mafunso omangirirana. Ngati funso lachinayi silingayankhidwe popanda yankho lolondola la lachitatu, mwana wophonya kamodzi amalangidwa kawiri. Komanso funso lina likhoza kuulula yankho la linzake. M'mafunso athuwa, nkhani ya funso lachitatu ikutchula za kubweretsa asilikali, zimene ndi theka la yankho la funso loyamba. Kugawa mapepala pawiri kuja kumathetsanso vuto limeneli, malinga funso lachitatu likhale papepala lachiwiri.

Kudziwa ngati mafunso anakweradi

Mphunzitsi sangadziwe zimenezi asanachonge. Akatha kuchonga, awerenge malikisi apakati a kalasi pa funso lililonse, n'kuwagawa ndi malikisi onse a funsolo. Pa mayeso oyenda bwino, manambalawo amatsika mwadongosolo: mwina 90 pa 100 pa funso loyamba, 75 pa lachiwiri, 60 pa lachitatu, 45 pa lachinayi, 35 pa lachisanu. Manambalawa ndi chitsanzo chabe. Chofunika ndi kutsikako.

Kenaka asanje mapepala kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, atenge gulu lapamwamba ndi lapansi. Akatswiri a mayeso amakonda kutenga 27 pa 100 mbali iliyonse, kutanthauza mapepala 16 apamwamba ndi 16 apansi m'kalasi ya ana 60. Pa funso loyamba magulu awiriwa akhoza kuyandikana, ndipo palibe cholakwika. Pa lachinayi ndi lachisanu payenera kukhala mpata woonekeratu.

Tinene kuti m'kalasi ya ana 60 imeneyi funso lachitatu latuluka ndi malikisi apakati 1 pa 4, pamene lachinayi latuluka ndi 3 pa 6. Sitepe yachitatu yakhala yaitali kuposa yachinayi. Musafulumire kunena kuti ana ndi aulesi. Tsegulani mapepala 16 apamwamba aja muone gawo limene anagwera. Ngati apamwamba anakhoza ndipo apansi okha ndiwo analephera, funsolo lili bwino, koma ana ambiri sanazolowere kukhazika lamulo pa nkhani yatsopano, ndipo mankhwala ake ndi kuwapatsa nkhani zina zotere m'kalasi. Ngati apamwamba omwe analephera gawo lachiwiri, n'kumalemba kuti vuto la mfumu ndi njala kapena matenda pakati pa asilikali, ndiye kuti funsolo linasiya khomo lotsegula, pakuti amenewonso anali mavuto enieni a ozinga malinga. Apa chilungamo n'kuwapatsa malikisi amene afotokoza bwino yankho lotere, kenaka kukonza funsolo kuti chaka chamawa lidzati: "Poganizira pangano la utumiki wa vasalo, kodi mfumu ikumana ndi vuto lanji?" Lembani kusinthaku kuseri kwa mlozo wochongera, pamodzi ndi manambala a chaka chino, kuti kalasi yotsatira ikadzalemba mudzakhale ndi choyerekezera.